Khutu la Mkulu, Manambala a Mnyamata

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya Malawi lero zinayamba zayendapo ku Japan. Zimatsika sitima pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga, ndipo zikayamba kutopa zimakagwera m'magalaja monga a ku Biwi ku Lilongwe kapena a ku Ndirande ku Blantyre. Kumeneko zimapeza amakaniko a mibadwo iwiri. Alipo amene anakulira pa Peugeot 504, pa Land Rover ndi pa malole a Bedford, nthawi imene petulo ankagawidwa ndi kabureta, munthu n'kumachuna injini ndi sipanala, zala ndi khutu. Alipo enanso amene angotuluka kumene m'sukulu za ntchito zamanja za ku Soche, ku Nasawa kapena ku Namitete, ana a nthawi ya TEVETA, amene m'thumba la ovolosi amayenda ndi kamakina kolankhula ndi kompyuta ya galimoto.

M'magalaja ambiri magulu awiriwa amangopirirana. Akulu amati anawa sadziwa kanthu foni ikatha moto. Anyamata nawo, akakhala paokha, amati tsobola wakale sawawa. Koma pali galaja ina mu Lilongwe imene ndimakonda kuyang'anitsitsa kagwiridwe kake ka ntchito, chifukwa mwini wake, bambo wa imvi zake, ndi mnyamata amene anamulemba ntchito amaphunzitsana tsiku ndi tsiku, ndipo amachita zimenezi mwaluso loti munthu n'kuima n'kumaonerera. Maiko ena anaupatsa dzina ndi ndondomeko mchitidwe woti wamng'ono aziphunzitsa wamkulu. Mu 1999 Jack Welch, yemwe anali mkulu wa kampani ya General Electric ku America, analamula mabwana ake mazana angapo kuti aliyense apeze wantchito wachinyamata womuphunzitsa intaneti. Pa galaja iyi palibe amene analamula. Zinawakakamiza ndi galimoto zenizenizo.

Tsiku lina kunabwera Toyota Probox, ija ya injini ya 1NZ-FE, yonyamula katundu wa kumsika. Pa dashibodi panali patayaka kagetsi kachikasu kojambulidwa ngati injini. Dalaivala anati kwina kumene anayamba wapita anamusinthira sensa ya ku ekizozi, analipira ndalama zambiri, kagetsi kanazima, koma patangopita masiku ochepa kanayakanso.

Mnyamata anali atatulutsa kale kamakina kake, koma mkuluyo anamugwira pamkono. Lamulo lake ndi lakuti boneti satsegula, kamakina salumikiza, mwini galimoto asanafunsidwe. Anayamba kufunsa pang'onopang'ono, ngati akungocheza. Vutoli linayamba liti? Limakula m'mawa kapena injini ikatentha? Pokwera mtunda ikumafooka? Dalaivala anati pamsewu waukulu imathamanga bwinobwino, ngakhale itasenza matumba, koma ikaima pa maloboti imanjenjemera, nthawi zina ngati izima. Mkuluyo anangogwedeza mutu, n'kutembenukira kwa mnyamata.

"Wamva zimene anenazi? Zisunge. Tsopano ika chako chija."

Pansi pa chiwongolero, kufupi ndi mawondo a dalaivala, pamakhala polumikizira pa timabowo 16. Mnyamata analumikiza kamakina pamenepo, foni yolumikizana nako n'kuonetsa `P0171`. Apa ndi pamene amakaniko ambiri achinyamata amagwera m'mbuna. Nambalayi sinena kuti chakutichakuti chafa. Imangonena kuti injini ikulandira mpweya wochuluka kuposa petulo amene akuyenera kuyenda nawo. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Pafupi ndi sefa ya mpweya pali sensa yoyeza mpweya wolowa, ndipo kompyuta imathira petulo molingana ndi zimene sensayo yanena. Ku ekizozi kuli sensa ina yoyeza utsi, yoona ngati kusakanizako kunali koyenera. Sensa ya ku ekizoziyo ikadandaula kuti mpweya wachuluka, nthawi zambiri imakhala ikunena zoona. Amene anaisintha analanga mboni, wakuba n'kumusiya.

Mnyamata uyu anaphunzitsidwa kusaima pa nambala yoyambayo. Anatsegula tsamba loonetsa zimene injini ikuchita pa nthawi yomweyo, n'kumuonetsa mkulu mizere iwiri, `STFT` ndi `LTFT`. Yonseyi imanena kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa pa muyezo wake wa nthawi zonse, pa magawo 100 aliwonse. Woyambawo umasinthasintha pa kamphindi, wachiwiriwo ndi zimene kompyuta yazolowera itaona vutolo kwa nthawi. Injini yabwino imasewera pafupi ndi 0, ndipo ikapitirira 10 mbali iliyonse munthu ayambe kukayika. Probox ija, ikulira itaima, inkaonetsa +22 pa mzere wachiwiri.

"Bambo, tapondani moto mpaka muvi ufike pa 2500, muugwire pomwepo," anatero mnyamata.

Taonani apa. Akanatha kuponda yekha, koma anapempha mkuluyo kuti akhale pampando, phazi pa moto, foni m'manja. Nambala inatsika mpaka pafupifupi +5. Atasiya moto, inakweranso. Mnyamata sanafotokoze kanthu, anangofunsa kuti, "Nanga ikufanana bwanji ndi zimene adalaivala ananena zija?" Mkuluyo anaseka. Zinali zomwezo: ikaima ikudwala, ikathamanga ikuchira. Kenaka ndi mkuluyo amene anamasulira chifukwa chake, pakuti zimenezi anazidziwira pa kabureta kalekale. Injini ikamalira galimoto itaima, kachitseko ka mpweya kamakhala katatsekeka pafupifupi konse, injini imayamwa mwamphamvu, ndipo mpweya wonse wolowa umakhala wochepa. Ngati penapake kuseri kwa kachitsekoko pali mng'alu, mpweya wolowera pamenepo, umene sensa sinauwerenge, umakhala gawo lalikulu la mpweya wonse. Ukaponda moto, mpweya wolowa pakhomo loyenera umachuluka, wa pamng'alu uja n'kuchepa mphamvu. Likanakhala vuto la pampu ya petulo yofooka, kapena sensa ya mpweya yodzala fumbi, zinthu zikanatembenuka: nambala ikanaipira pamene injini ikufuna mafuta ambiri, ndipo dalaivala akanadandaula za pamtunda.

Apa kamakina kanali kafika pamapeto a nzeru zake. Kananena kuti mpweya ukuba njira, koma sikakanaloza malo. Mkuluyo anatola kapaipi ka labala kotalika ngati mkono, kamene amasunga pamsomali, n'kumupatsa mnyamata. Mbali ina pakhutu, mbali ina kuyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa mapaipi onse olowa mu injini, kutali ndi lamba ndi fani. Anamuuza kuti asasake phokoso lalikulu, asake kamluzu kopyapyala kosadukiza. Mnyamata anazungulira kawiri osamva kanthu. Ine ndinaona kuti maso a mkuluyo anali atakhazikika kale pamalo amodzi, koma pakamwa anatseka. Anangoti, "Labala imafera pansi, kumene maso safika. Ndiponso imafera pokhota." Ulendo wachitatu mnyamata analowetsa kapaipi kake kunsi kwa paipi yaing'ono yochokera pa chivindikiro cha injini kupita ku njira ya mpweya, imene imachotsa nthunzi ya oyilo, ndipo nkhope yake inasintha. Anali wamva.

Chimene chinachitika kenaka ndi chimene chinandipangitsa kulemba nkhaniyi. Mkuluyo anatseka mng'aluwo ndi chala chachikulu, mnyamata maso ali pa foni. Nthawi yomweyo injini inakhazikika kaliridwe, ndipo `STFT` inagwa pansi pa 0, kupitirira -15, chifukwa kompyuta inali ikuthirabe petulo wowonjezera uja pamene mpweya wakuba unali utatsekedwa. Anachotsa chala, nambala inabwerera. Anatsekanso, inagwanso. Chala cha munthu wa zaka zambiri pantchito chinali kusuntha nambala pa foni ya mnyamata, onse awiri akuona, ndipo panalibenso chifukwa chotsutsana kapena chogula chitsulo chilichonse mongoyerekeza. Umboni unali utakwana asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe.

Paipiyo ataichotsa, mkuluyo anaipinda pamaso pa mnyamata, mng'alu n'kuyasama. Inali itauma gwa chifukwa cha kutentha ndi nthunzi ya oyilo. Anakana kuikulunga ndi tepi, anakananso kudula paipi ya madzi imene inali pafupi, chifukwa labala yosapangidwira oyilo imafewa n'kuphwafuka injini ikamayamwa. Anatuma mwana kukagula yoyenera. Ataiika, mnyamata anafufuta nambala ya vuto ija, anayenda nayo galimoto mpaka itatentha bwino, n'kuonetsa dalaivala manambala atsopano ali pafupi ndi 0. Mkuluyo anaika paipi yakaleyo m'manja mwa dalaivala kuti apite nayo. Amatero ndi chilichonse chimene wachotsa m'galimoto ya munthu, ndipo mnyamatayo anatengera khalidweli osauzidwa.

Kaphunzitsidwe ka mkuluyu kali ndi mwambo wake. Sapereka yankho munthu asanavutike pang'ono, koma samulola kuvutika pa chinthu chimene chingawononge galimoto ya mwini. Pa mapulagi, mwachitsanzo, salekerera. Mutu wa injini za masiku ano ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo pulagi ikalowa mopendekera imadya mazinga, ntchito yaing'ono n'kusanduka yaikulu. Choncho amaima pambali, injini itazizira, n'kuonetsetsa kuti mnyamata wayamba kuzungulitsa pulagi ndi zala zokha, sipanala ili pansi. Ikalimba isanapite patali, abweze, ayambirenso. Zoterezi m'buku zilimo, koma kusiyana kwa pulagi imene ikulowa bwino ndi imene yayamba kuluma kumadziwika ndi nsonga za zala, ndipo pamafunika wina woima pambali wonena kuti, "Ima! Wamva mmene yalimbiramu? Kumeneko ndiye kuluma."

Mbali yovuta kwambiri ndi inayo, yoti mwana awongole mkulu. Kwathu kuno wamng'ono sauza wamkulu kuti mwalakwa, makamaka pagulu, makamakanso amene amakupatsa malipiro. Mnyamatayu anakumana nazo pa nkhani ya themositati, kachipangizo kamene kamatseka madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itatentha. Amakaniko ambiri akale amakachotsa n'kukataya, amati n'ka kumaiko ozizira, kuno n'kotentha kale. Mkuluyo nayenso ankatero. Mnyamata ankadziwa kuti pa injini yoyendetsedwa ndi kompyuta zimenezi zimadya mafuta, chifukwa kompyuta ikaona madzi ozizira imathira petulo wambiri, poganiza kuti injini yangodzuka kumene. Injini yosafika pa kutentha kwake imadetsanso oyilo msanga n'kumatha mkati mwakachetechete.

Sananene pamaso pa kasitomala, sananenenso pamaso pa anyamata anzake. Anayamba ndi kufunsa, atatsala awiri, kuti, "Bambo, kodi kachitsulo kaja mumakachotseranji?" Ndipo yankho silinali lopusa. Mkuluyo anaonapo injini zitapsa chifukwa themositati inakakamira ili yotseka, galimoto ili pakati pa ulendo kotentha ngati ku Chikwawa, kopanda sitolo ya zipangizo. Kwa iye kuchotsa kunali kuteteza munthu wosauka ku tsoka lalikulu. Mnyamata anamvetsera zonse. M'mawa wina wa mwezi wa Juni, akuyesa galimoto imene inali itachotsedwa themositati, anapempha mkuluyo kuti agwire foni aziwerenga mzere wa kutentha kwa madzi. Anayenda mtunda wautali ndithu, nambala ikungozungulira m'ma 60, potsetsereka n'kumatsikanso. Mnyamata anangoti, "Pa themositati ya injini iyi analembapo 82. Ndiye kuti opanga amafuna madzi afike pamenepo asanayambe kuzizira." Sanawonjezere mawu.

Mkuluyo sanavomere tsiku lomwelo, ndipo mnyamata sanayembekezere kuti avomere. Koma patapita nthawi anayamba kubwezera themositati m'galimoto, ndipo anabweretsa njira yake yothetsera mantha ake akale: asanaiike, amaiviika m'poto wa madzi pamoto, n'kuona ngati ikutseguka madzi asanawire, ndi kutsekanso akamazizira. Yokakamira imaonekera m'potomo. Mnyamata anali asanaonepo kuyeza kotereku. Phunziro limene anapereka linamubwerera litanenepa.

Chimodzimodzi ndi chizolowezi chakale chochotsa waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikutchaja. Pa galimoto ya makono magetsi angadumphe n'kuotcha kompyuta. Mnyamata anangoika mita yoyezera magetsi m'manja mwa mkuluyo: batire yabwino imaonetsa mavoluti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo ikalira nambala ikwere kufika cha m'ma 14. Lero mitayo imakhala m'thumba la mkuluyo.

Ndikaona zonsezi, ndimapeza kuti luso la mnyamatayu lagona pa kusankha nthawi ndi kupereka chida. Amalola nambala kuti inene zimene pakamwa pake sipangathe kunena. Ena angati kumeneku n'kuopa. Ine ndimati n'kudziwa chimene ukufuna: kuti galimoto zikonzedwe bwino, osati kuti iwe upambane mkangano. Ndipo luso la mkuluyo, limene ndi losowa kwambiri, ndi kulola kuoneka wosadziwa pamaso pa mwana amene iye mwini amamulipira. Ndinamumvapo akunena kuti, "Tabwereza, mwana wanga, sindinagwire." Amuna ambiri a msinkhu wake mawu amenewa sangawatulutse.

Phindu la mkuluyo ndi looneka. Makasitomala ake akale anagulitsa galimoto za kabureta n'kugula za makono, ndipo akanapanda kuphunzira akanawataya mmodzimmodzi, n'kutsala ndi ntchito ya mabuleki ndi masipuling'i yokha. Toyota Aqua ndi Prius zikafika, zija zoyendera petulo ndi magetsi, sazithamangitsanso. Akudziwa tsopano kuti mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi otha kupha munthu, ndipo sagwiridwa asanadulidwe m'njira yake. Mnyamata naye akupeza zimene sukulu singapereke m'zaka zochepa: kudziwa malo amene galimoto zimafera m'misewu yathu ya fumbi ndi maenje, kufunsa dalaivala mafunso oyenera, kuuza munthu mtengo mosabisa, ndi dzina. Anthu amene sakanamupatsa makiyi chifukwa cha nkhope yake yachibwana amamupatsa chifukwa mkuluyo wanena kuti, "Musiyireni uyu, aikonza."

Sikuti paliponse pamene pali mkulu ndi mnyamata zimayenda chonchi, ndipo pamene zawonongeka pamadziwika. Pali magalaja amene mwana amatha zaka akungotsuka mabawuti ndi kunyamula jeke, ndipo ikafika nthawi yolumikiza tcheni cha injini kapena kumanga mutu wake, amatumidwa kukagula chakudya. Mkulu wotero amaopa kuti mwana akadziwa adzatsegula pake n'kutenga makasitomala. Mantha akewo ali ndi maziko, pakuti ana amachokadi, koma wobisiridwa amachoka msanga ndipo sabweranso kudzafunsa kapena kudzapereka ntchito imene yamukulira. Palinso anyamata amene kamakina anakasandutsa kofufutira: amazimitsa kagetsi, amalandira ndalama, galimoto n'kutuluka ndi matenda ake. Ndiye pali kuphunzitsana kwa chiphamaso, pamene mkulu amangoti, "Ika chako chija undiuze chafa n'chiyani," osafuna kudziwa mmene nambala yawerengedwera. Ameneyo sakuphunzira, wangolemba ganyu foni. Muyezo wake ndi wapafupi. Mnyamata akapita kumaliro kumudzi, kodi mkulu angalumikize kamakina yekha n'kumva zimene kakunena? Nanga kamakina kakakana kulankhula ndi galimoto, monga zimachitikira ndi zina zakale za ku Japan, kodi mnyamata angapitirize ndi khutu, mphuno ndi zala? Pa galaja ija mayankho onse awiri ndi inde.

Nkhani ya ndalama nayo siyenera kuzembedwa, chifukwa maubale ambiri otere amafera pamenepo. Kawirikawiri kamakina kamakhala ka mnyamata, anagula ndi ndalama zake, ndipo kasitomala amalipira padera kuti galimoto iyezedwe. Ndalama imeneyo ikamalowa yonse m'thumba la mwini galaja, mnyamata amayamba kuyeza galimoto madzulo kuseri, ndipo kuphunzitsana kumathera pomwepo. Awiri aja anakhala pansi n'kugwirizana za kagawidwe kake poyera, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake mnyamata sawerengera zimene akuphunzitsa.

Inu amene muli ndi galaja ndipo mwalandira mwana wochokera kusukulu, musamutume kumsika nthawi imene mukumanga injini, ndipo tsiku lina mupempheni akuonetseni manambala ake, foni ili m'manja mwanu. Nanunso eni galimoto, kagetsi kachikasu kakayaka, musalole kuti chitsulo chigulidwe chifukwa cha nambala imodzi yokha. Pemphani kuti akuonetseni umboni asanamasule, akuonetseninso manambala akamaliza, ndipo chimene achotsacho akupatseni m'manja.